Mpamba wonse pa lole imodzi: masamu akuti chepetsani

Pa msika uliwonse pamapezeka wamalonda amene amadziwa geni yake bwinobwino, amadzuka mbandakucha, sabera makasitomala, samwa mowa, koma chaka chikamatha mpamba wake umakhala wochepa kuposa umene anayamba nawo. Anzake amati walodzedwa. Iye amati zinthu zakwera mtengo. Mwina n'zoona kuti zakwera. Koma kawirikawiri vuto limakhala pa funso limene anthu ambiri salifunsa n'komwe: pa ndalama zonse zimene zili m'thumba, ndi zingati zoyenera kupita pa ulendo umodzi wokapikula katundu?

Funsoli lili ndi yankho la masamu. Analipeza ndi John Kelly, katswiri wa sayansi amene ankagwira ntchito ku Bell Labs, malo ofufuzirako za matelefoni ku Amereka, ndipo analisindikiza mu 1956. Iye sankaganiza za matimati kapena usipa. Ankaganiza za munthu wobetcha amene amalandira mphekesera za zotsatira za mpikisano anzake asanazimve, koma mphekeserazo nthawi zina zimakhala zolakwika. Munthu wotere ali ndi mwayi woposa anzake, koma sali wotsimikiza. Akabetcha zonse nthawi iliyonse, tsiku limene mphekesera idzaphonye adzatsala manja lende. Akabetcha pang'ono kwambiri, mwayi wake uja sumupindulira. Kelly anawerengera gawo la ndalama limene limakulitsa chuma mofulumira kuposa gawo lina lililonse ngati kubetchako kukubwerezedwa kambirimbiri. Mpaka lero lamuloli limadziwika ndi dzina lake.

Wopikula katundu wowola msanga ali m'gulu lomwelo, ngakhale sangakonde kumva mawu oti kubetcha. Amadziwa msika kuposa munthu wamba, choncho maulendo ake ambiri amabweretsa phindu. Koma sali wotsimikiza. Lole imafa panjira, mvula imagwa, kapena pofika pa msika amapeza malole ena atatu atsitsa kale katundu yemweyo.

Chitsanzo chithandiza, ndipo manambala ake ndi ongoyerekeza kuti kuwerengera kusavute. Mayi wina ali ndi mpamba wa K500,000. Sabata iliyonse amakapikula matimati ku Lizulu n'kudzagulitsa ku Lilongwe. Malinga ndi kope lake, pa maulendo 10 aliwonse, 6 amayenda bwino, ndipo pa K100 iliyonse imene waika amapindula K50 atachotsa thiransipoti ndi chiphaso cha pamsika. Maulendo 4 otsalawo amavuta: matimati amapsa onse nthawi imodzi, mtengo umagwa, ndipo amabwerera ndi theka lokha la ndalama zimene anaika.

Imeneyi ndi geni yabwino. Munthu akaika K100 pa ulendo uliwonse, amapindula K50 kasanu ndi kamodzi, zomwe ndi K300, n'kuluza K50 kanayi, zomwe ndi K200. Watsala ndi phindu la K100 pa maulendo 10, kapena K10 pa ulendo. Apa mpamene pali msampha. Mtima umati: ngati K100 iliyonse ikubereka K10, bwanji osaika mpamba wonse kuti ubereke wonse?

Mayi uja aike K500,000 yonse. Ulendo woyamba wayenda bwino, ali ndi K750,000. Aikanso yonse, ulendo wachiwiri wavuta, watsala ndi K375,000. Wapambana kamodzi, waluza kamodzi, 50 peresenti uku ndi 50 peresenti uku, koma sanabwerere pamene anayambira. Watsika ndi K125,000. Chifukwa chake n'chakuti kuluza kuja kwadya theka la ndalama zambiri, pamene phindu linabwera pa ndalama zochepa. Ngakhale atayamba ndi kuluza n'kutsiriza ndi kupambana, yankho ndi lomwelo: K250,000, kenako K375,000. Munthu amene wataya theka la mpamba amafunika phindu la 100 peresenti kuti abwerere pomwe anali, osati 50.

Akapitiriza choncho maulendo onse 10, kupambana 6 ndi kuluza 4, mayiyu amatsiriza ndi ndalama pafupifupi K356,000. Geni ndi yabwino, kope silinaname, mwayi wake wayenda ndendende monga ankayembekezera, koma mpamba watsika ndi K144,000. Palibe mfiti pamenepa.

Lamulo la Kelly limalembedwa motere:

f = p/a − q/b

Chilembo f ndi gawo la mpamba loyenera kuika. Chilembo p ndi mwayi wopambana, pamene q ndi mwayi woluza. Chilembo a ndi gawo la ndalama zoikidwazo limene limatayika zinthu zikavuta, ndipo b ndi gawo limene limapinduka zikayenda bwino. Kwa mayi wa matimati, p ndi 0.6, q ndi 0.4, a ndi 0.5, b ndi 0.5. Kugawa 0.6 ndi 0.5 kumapereka 1.2. Kugawa 0.4 ndi 0.5 kumapereka 0.8. Kuchotsera 0.8 pa 1.2 kumasiya 0.4. Ndiye kuti lamuloli likuti mayiyu aziika magawo 40 pa 100 aliwonse a mpamba wake, kutanthauza K200,000 pa K500,000 ija. Kakalikuleta ka pa foni kamatha ntchito imeneyi mphindi imodzi isanathe.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti lamuloli limanena gawo, osati chiwerengero chokhazikika cha makwacha. Ulendo woyamba ukayenda bwino, K200,000 ija imabweretsa phindu la K100,000, mpamba umafika K600,000, ndipo ulendo wotsatira mayi amaika K240,000. Ukavuta, mpamba umatsika kufika K400,000, ndipo ulendo wotsatira amaika K160,000 yokha. Izi zimatsutsana ndi zimene mtima umafuna. Munthu akaluza amafuna kuika zambiri kuti abweze msanga zimene zapita. Lamulo la Kelly limati woluza achepetse, ndipo kuchepetsako ndi kumene kumachititsa kuti mpamba usathe wonse ngakhale maulendo oipa atandondozana.

Pa maulendo 10 omwe aja, kupambana 6 ndi kuluza 4, woika magawo 40 amatsiriza ndi pafupifupi K611,500. Poyerekeza ndi K356,000 ya woika zonse, kusiyanaku ndi kwakukulu, chonsecho matimati ake ndi omwewo, lole ndi yomweyo, msika ndi womwewo.

Koma nkhani yeniyeni ili pa zimene zimachitika munthu akaphonya magawo 40 aja, kaya mochepetsa kapena mopitirira. Woika magawo 20 okha, theka la zimene lamulo lanena, amatsiriza ndi pafupifupi K581,000. Woika magawo 60 amatsiriza ndi pafupifupi K579,500. Awiriwa afika pamalo amodzi. Mmodzi waika ndalama zochuluka katatu kuposa mnzake, wagona ndi nkhawa zochuluka katatu, wanyamula madengu ochuluka katatu, ndipo sanapindule kanthu kowonjezera. Woika magawo 80, kuwirikiza kawiri zimene lamulo lanena, amatsiriza ndi pafupifupi K488,000, kutanthauza kuti wagwira ntchito masabata 10 n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Zili ngati chulu. Pamwamba pake ndi pa magawo 40. Kumanzere ndi kumanja kumatsika mofanana kwa kanthawi, kungoti kumanzere munthu amatsika ali ndi ndalama zambiri zosungika, pamene kumanja amatsika ataika pachiswe zochuluka, ndipo akapitirira magawo 80 amayamba kudya mpamba. Ndiye ngati munthu akudziwa kuti akhoza kuphonya, nzeru ndi kuphonyera kumanzere.

N'chifukwa chake anthu ambiri amene amagwiritsa ntchito lamuloli ndi ndalama zawo zenizeni amaika theka la zimene lanena, ena mpaka gawo limodzi mwa magawo anayi. Edward Thorp, mphunzitsi wa masamu wa ku Amereka amene anagwiritsa ntchito lamuloli pa njuga ya makhadi ku Nevada n'kulemba buku lotchuka pa nkhaniyi mu 1962, ndipo pambuyo pake anayendetsa kampani yoika ndalama m'masheya kwa zaka zambiri, ndi mmodzi mwa amene akhala akuchenjeza kuti kupitirira muyezo wa Kelly n'koopsa kwambiri kuposa kuperewera. Kwa wamalonda wa pamsika, chenjezoli ndi lamphamvu kuposa kwa wosewera makhadi, ndipo zifukwa zake zilipo ziwiri zazikulu.

Choyamba, theka limagula mtendere wambiri pa mtengo wochepa. Masamu amaonetsa kuti woika theka la muyezo wa Kelly amapeza pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a liwiro limene mpamba ukanakulira, pamene kukwera ndi kutsika kwa ndalama zake kumachepa ndi theka. Muyezo wathunthu ndi wolusa kuposa mmene anthu amaganizira. Woutsatira ali ndi mwayi pafupifupi umodzi pa iwiri woti tsiku lina mpamba wake udzatsika kufika pa theka la umene anayamba nawo. Wotsatira theka la muyezo, mwayi umenewo umatsika kufika pafupifupi umodzi pa 8.

Maulendo anayi oipa motsatizana amaonetsa bwino zimenezi. Pa geni ya mayi uja si chinthu chachilendo: m'zaka ziwiri za maulendo a sabata ndi sabata, mwayi woti zichitike kamodzi umaposa woti zisachitike. Woika magawo 40 amachoka pa K500,000 kufika pa K204,800. Woika magawo 20 amatsala ndi K328,050. Papepala onse awiri adzachira, chifukwa geni ndi yabwino. Koma pepala silidziwa kuti mwezi umenewo ndi wa fizi, kapena kuti eni nyumba agogoda kale kawiri. Lamulo la Kelly limalonjeza kupambana patsogolo kutali, pambuyo pa maulendo mazanamazana. Paul Samuelson, katswiri wa zachuma amene analandira mphoto ya Nobel, analitsutsa kwa zaka zambiri, ponena kuti kukulitsa ndalama mofulumira kwambiri si cholinga choyenera munthu aliyense. Pamenepa anali ndi mfundo. Mayi amene mpamba wake ndi umene umadyetsa ana sangapirire kutsika kumene munthu wolemera angapirire akumwetulira.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chachikulu, n'chakuti palibe wamalonda amene amadziwa p wake molondola. Wosewera makhadi amadziwa kuti paketi ili ndi makhadi 52 ndipo akhoza kuwerengera mwayi wake. Mayi wa matimati amangoyerekeza kuchokera pa zimene akukumbukira kapena zimene analemba. Ndipo anthu amakumbukira bwino tsiku limene katundu anatha 10 koloko isanakwane, n'kuiwala tsiku limene anataya madengu awiri kudzala.

Mwachitsanzo, mwina mwayi weniweni wa mayi uja si 60 pa 100 koma 55. Pa maulendo 20, kusiyana kwake ndi ulendo umodzi wokha: kupambana 11 m'malo mwa 12. Palibe amene angazindikire kusiyana kotere ndi maso, ndipo ngakhale kope la miyezi isanu silingatsimikize kuti choona ndi chiti. Koma lamulo likawerengedwanso, 0.55 kugawa ndi 0.5 ndi 1.1, ndipo 0.45 kugawa ndi 0.5 ndi 0.9. Yankho ndi 0.2. Muyezo woyenera watsika ndi theka, kuchoka pa magawo 40 kufika pa 20, chifukwa cha ulendo umodzi pa 20.

Tsono mayi amene ankaganiza kuti ali pamwamba pa chulu ndi magawo 40 ake, kwenikweni wakhala akuika kuwirikiza kawiri muyezo woyenera, pamalo pomwe paja mpamba sukula. Pa maulendo 20, kupambana 11 ndi kuluza 9, amatsiriza ndi pafupifupi K498,600. Miyezi isanu yapita pachabe. Mnzake amene anadzikayikira n'kuika theka, magawo 20, wapezeka kuti ali ndendende pa muyezo woyenera mosadziwa, ndipo amatsiriza ndi pafupifupi K552,700. Zikanakhala kuti 60 pa 100 uja anali woona, wodzikayikirayu akanataya kagawo kochepa chabe ka phindu. Popeza sanali woona, wapulumuka. Kuika theka kuli ngati inshulansi yodziteteza ku kudzinamiza, ndipo pamsika kudzinamiza n'kofala kuposa ngozi za pamsewu.

Anthu ophunzira nawonso amagwa m'mbuna yomweyi. Mu 2016, Victor Haghani ndi Richard Dewey anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa anthu 61, ambiri mwa iwo ophunzira zachuma ndi ogwira ntchito m'makampani oyendetsa ndalama. Aliyense anapatsidwa madola 25 ndi mphindi 30 zoti abetche pa kobiri ya pa kompyuta, ndipo anauzidwa poyera kuti kobiriyo imagwera mbali imodzi maulendo 60 pa 100. Wopambana ankalandira ndalama zofanana ndi zimene wabetcha, woluza ankataya zonse zimene wabetchazo, ndipo malire a zopambana anali madola 250. Pamasewera otere a ndi 1, b ndi 1, ndiye lamulo limati munthu azibetcha magawo 20 pa 100. Anthu 28 pa 100 aliwonse anataya ndalama zonse, ndipo 21 pa 100 okha ndi amene anafika pa malire aja. Anthu 18 anafika poika zonse zimene anali nazo pa kuponya kumodzi. Awa anali anthu odziwa mwayi wawo ndendende, chinthu chimene wamalonda wa pamsika alibe. Haghani mwiniwake ankaidziwa bwino nkhaniyi: anali mmodzi mwa akuluakulu a Long-Term Capital Management, kampani imene inagwa mu 1998 itaika ndalama zochuluka zobwereka pa malonda amene inkawaona kuti sangalephere.

Pali zimene wamalonda wanzeru angatsutse, ndipo si zonse zopanda pake.

Angafunse kuti ndalama zotsalazo zizitani. Mayi akaika K100,000 pa matimati, K400,000 igone pansi pa pilo? M'dziko limene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu 2023, ndalama yogona imawonda yokha. Funsoli ndi loona, ndipo lamulo la Kelly m'maonekedwe ake osavutawa limangoganiza kuti ndalama yosaikidwa imakhala chimodzimodzi. Koma yankho lake si kuthira zonse pa matimati. Lamuloli likunena za gawo loyenera kupita pa geni imodzi yokhala ndi chiopsezo chotere. Zotsalazo zikhoza kupita ku katundu wosawola, monga sopo, mchere, nyemba zouma kapena mpunga. Katundu wotere phindu lake ndi lochepa, koma zikavuta munthu amataya kagawo kakang'ono. Mu lamulo lija, a akakhala wamng'ono, p/a amakula, ndipo muyezo umakwera, nthawi zina mpaka kuloleza mpamba wonse. N'chifukwa chake mwini golosale akhoza kudzaza mashelefu ndi ndalama zake pafupifupi zonse osavulala, pamene wa nsomba zaziwisi akachita zomwezo amakhala akusewera ndi moto. Katundu amasiyana, muyezo umasiyananso.

Kugawa mpamba kuli ndi msampha wake. Daniel Bernoulli, katswiri wa masamu wa ku Switzerland, analemba kale mu 1738 kuti wamalonda amene agawa katundu wake m'zombo ziwiri amakhala pabwino kuposa woika yense m'chombo chimodzi. Mfundoyi imagwira ntchito pokhapokha ngati zombozo zilidi ziwiri. Matimati, kabichi ndi tsabola zokwera lole imodzi, zopita pa msika umodzi tsiku limodzi, ndi kubetcha kumodzi ngakhale madengu ndi atatu. Lole ikagona panjira masiku awiri, zonse zimafota limodzi. Woika magawo 20 pa chilichonse mwa zitatuzi asadzinamize kuti watsatira theka la muyezo katatu. Waika magawo 60 pa ulendo umodzi.

Angatsutsenso kuti kupikula pang'ono kumadula. Mtengo wa minibasi wopita ku Lizulu ndi womwewo kaya munthu wanyamula madengu awiri kapena khumi, ndipo wogula zambiri amanenerera bwino. Izinso n'zoona. Katundu akachepa kwambiri, thiransipoti imadya phindu, b amatsika, ndipo geni yonse ikhoza kusiya kukhala yaphindu. Pamenepo njira ndi kuphatikizana anthu atatu kapena anayi, mmodzi n'kupita kukapikulira onse, aliyense n'kuika gawo limene mpamba wake ungapirire. Koma mbali inayo isaiwalike: wobweretsa madengu khumi pa benchi imene imagulitsa anayi patsiku amadzigwetsera yekha mtengo, ndipo madengu omaliza amagulitsidwa motaya. Katundu akachuluka, b amatsikanso, ndipo a amakwera. Ichi ndi chifukwa china chosapitirira muyezo.

Nanga mpamba weniweniwo ndi uti? Apa mpamene ambiri amalakwitsa asanayambe n'komwe kuwerengera. Mayi uja akhoza kunena kuti ali ndi K500,000, koma mkati mwake muli K120,000 ya lendi ndi fizi imene ichoke mwezi uno, ndi K150,000 ya banki m'khonde yoyenera kubwezedwa ndi chiwongoladzanja. Mpamba wake woona ndi K230,000, ndipo magawo 20 ake ndi K46,000, osati K100,000. Akaika K100,000 akuganiza kuti ali pa theka la muyezo, ndiye kuti wapitirira kale muyezo wathunthu, chifukwa K100,000 ndi magawo oposa 43 pa 100 a K230,000. Ngongole siichepa mpamba ukachepa. Matimati akawola, chiwongoladzanja sichiwola nawo. Za katapila n'zosachita kunena: chiwongoladzanja chake nthawi zambiri chimaposa phindu limene geni ngati iyi imapereka, ndiye wobwereka amakhala akugwirira ntchito mwini ndalama.

Lamuloli limathanso kupereka yankho limene anthu salifuna. Likatulutsa ziro kapena nambala yochepera ziro, tanthauzo lake n'lakuti munthu asaike kanthu. Mwayi wa mayi uja ukatsika kufika 50 pa 100, monga zimakhalira nyengo imene matimati adzaza paliponse, kuwerengera kumapereka 1 kuchotsera 1, yomwe ndi ziro. Sabata imeneyo ulendo wa ku Lizulu ulibe phindu loyembekezeka, ndipo kukhala pansi kapena kugulitsa zina n'kwanzeru kuposa kupita chifukwa chozolowera.

Achinyamata ambiri a m'misika masiku ano amabetcha mpira pa foni, ndipo ena akamva za lamulo la Kelly amaganiza kuti apeza mankhwala. Aliyese. Pa masewera amene matimu awiri ali ndi mwayi wofanana, 50 kwa 50, kampani yobetchetsa ikhoza kupereka 1.80, kutanthauza kuti K100 ikapambana imabweretsa phindu la K80, ikaluza imapita yonse. Apa p ndi 0.5, q ndi 0.5, a ndi 1, b ndi 0.8. Yankho ndi 0.5 kuchotsera 0.625, yomwe ndi nambala yochepera ziro. Lamuloli likuti asabetche ngakhale K1. Kelly sapanga mwayi pamene palibe. Amangouza munthu amene ali nawo kale kuti aike zingati, ndipo pa kubetcha mpira mwayiwo kawirikawiri umakhala kwa kampani, imene imaika phindu lake m'manambala omwewo.

Zonsezi zimatsamira pa kope. Popanda kulemba, p, a ndi b ndi maloto chabe. Zofunika kulemba pa ulendo uliwonse n'zochepa: ndalama zonse zimene zatuluka, kuphatikizapo thiransipoti, onyamula katundu ndi chiphaso, ndiponso ndalama zonse zimene zalowa katundu atatha kapena atatayidwa. Pakatha maulendo 20 kapena 30, munthu amawerenga opindula kuti apeze p, n'kuona kuti pa maulendo abwino K100 imabereka zingati kuti apeze b, ndi kuti pa maulendo oipa K100 imataya zingati kuti apeze a. Ulendo woipitsitsa uja, umene katundu yense anawonongeka, usachotsedwe m'kaundula ponena kuti linali tsoka chabe. Ndi umene umauza zoona za a. Ndipo maulendo a nyengo ya mvula awerengedwe paokha, chifukwa manambala a mwezi wa Juni sanena kanthu za Januwale.

Pali zizindikiro zoonetsa kuti munthu wapitirira muyezo ngakhale asanagwire kakalikuleta. Maulendo ake ambiri amapindula koma mpamba sukwera pakatha miyezi. Ulendo umodzi woipa umafafaniza phindu la maulendo atatu abwino chifukwa unabwera iye atawonjezera katundu. Akaluza kawiri motsatizana, ulendo wachitatu umafuna ngongole. Mayi wa chitsanzo chija, ndi K230,000 yake yoona, akaluza kawiri ataika magawo 20 amatsala ndi K186,300, ndipo ulendo wachitatu amanyamuka ndi K37,000 ya m'thumba mwake.